Chombo Sichiyenda ndi Anthu Awiri

Tsiku limene azamba anatchula deti yobadwira mwana, ine ndinangofikira pa kalendala ya pachitseko cha firiji. Ndimagwira ntchito m'chombo chonyamula katundu pa mtsinje wa Rhine, ndipo moyo wathu ngwoduka pakati: masabata awiri pamadzi, masabata awiri kunyumba. Masabata a pamadzi ndinali nditawapaka buluu mpaka Juni wa chaka chotsatira. Ndinayendetsa chala mpaka kumapeto kwa Malichi, chala n'kugwera poyera.

"Imke! Tabwera udzaone. Mwanayu ngwanzeru ngati bambo ake. Wasankha sabata yanga yopuma."

Imke anaseka, n'kundigenda ndi kansalu kopukutira mbale. Nkhani inathera pomwepo, kwa ine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu ya za zombo ndinali nditangoimaliza mu Juni, ndipo Imke, amene amagulitsa buledi pa bekale ina kwathu ku Kampen, ndinali nditayamba kukhala naye m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya njinga. Tonse sitinakonzekere. Koma ine, mantha a sabata yoyamba atatha, ndinayamba kulota masana. Ndikamatsuka pamwamba pa chombo ndinkamuona mwanayo atavala kajekete kofiira, akuloza mapiri a ku Koblenz. Ndinkamupatsa maina, kumulanda, kumupatsa ena. Miyezi inkandichedwera ngati madzi a mu ketulo.

Kuntchito sindinanene kanthu. Eni chombo, a Boomsma, ndi munthu woti mawu amawasunga ngati mafuta a injini. M'mawa amati "Inde," madzulo amati "Chabwino," pakati pakepo amaloza ndi chibwano. Kontirakiti yanga inali ya chaka chimodzi, ndipo sindinkafuna kuoneka ngati kamnyamata kongofika n'kuyamba kupempha. Komanso ndinali ndi chithunzi m'mutu. Ndidzakwera chombo tsiku lina m'mawa dzuwa lili psuu, m'manja mbale ya mabisiketi owazidwa timbewu ta shuga, aja timagawa kukabadwa mwana, ndipo a Boomsma adzatsegula pakamwa osatsekanso. Chithunzicho ndinkachikonda kwambiri.

Kumayambiriro kwa Malichi ndinaperekeza Imke kusikelo. Azamba athu, mayi Veenstra, atamuyeza anandifunsa ngati kuntchito zonse zili m'malo.

"Zili bwino kwambiri," ndinatero. "Tsikulo lagwera nthawi yanga yopuma."

Anavula magalasi. "Tsiku liti?"

"Limene munatchula lija."

"Bambo aang'ono, tsiku lija n'longoyerekeza. Mwana angabwere kutatsala masabata atatu, angabwerenso patapitirira awiri. Kuyambira sabata yamawa, tsiku lililonse ndi tsiku."

Pobwerera Imke anakana kuti ndimugwire dzanja. Ankayenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi pamsana, maso kutsogolo.

"Douwe, sunawauzebe?"

"Ndimadikira mpata wabwino."

"Miyezi isanu ndi itatu ulibe mpata? Mumamwa khofi limodzi tsiku lililonse!"

"Suwadziwa a Boomsma iwe."

"Ndikudziwa iweyo." Anaima pamlatho, akupuma mwabefu. "Ine ndikuchita mantha, wamva? Sindinakuuze chifukwa iwe umangonena za kajekete kofiira. Ndikufuna udzakhalepo. Osati pa foni, ayi. Udzakhalepo, ndidzakufinye dzanja mpaka ulire. Mawa ukukwera. Ukakapanda kupempha, udziwe kuti ndiitana mayi anga, iwe udzamva ngati mmene adzamvere aneba."

M'mawa mwake ndinakwera chombo ku Rotterdam, kapepala ndi cholembera m'thumba. Kulankhula pamaso ndinadziwa kuti ndichita chibwibwi. Titamaliza kulonga chakudya cha ziweto ndinakakhala m'kachipinda kanga kutsogolo kwa chombo, n'kulemba. Ndinalemba za mtsinje umene umalera anthu ake, za mtima wa bambo, za momwe munthu amamvera akagwira mimba ya wokondedwa wake n'kumva kachidendene kakugunda. Zinadzaza masamba awiri, ndipo ineyo pondiwerengera ndekha maso ananyowa. Ndinajambula n'kutumizira Imke.

Anayankha msanga. "Ukupempha tchuthi kapena ukuwafunsira?"

Ndinang'amba. Yachiwiri inatuluka ngati munthu wopepesa kukhoti. Yachitatu ndi imene ndinapita nayo:

"Okondedwa a Boomsma, mnzanga Imke ndi woyembekezera, ndipo mwana akuyembekezeka kumapeto kwa Malichi. Ndikupempha tchuthi cha sabata imodzi mwanayo akabadwa. Pepani kuti ndachedwa kukudziwitsani. Zikomo, Douwe."

M'chombo mwathu khofi ndi wa teni koloko, m'chipinda chowongolera. Timakhala atatu: a Boomsma pachiwongolero, akazi awo mayi Roelien, amene nawonso ali ndi chiphaso chowongolera ndipo ndi amene amayendetsa za mapepala, ndi ine. Ndinaika kapepalako pambali pa kapu yawo n'kubwerera pampando wanga.

A Boomsma anawerenga diso limodzi lili pamtsinje. Anapereka kapepalako kwa akazi awo osacheuka.

"Malichi wake uti?" anafunsa.

"Uno, bwana."

"Uno."

Mayi Roelien anaika kapu pansi. "Mayo ine! Douwe! Mwana iwe! Imke uja wa pa bekale? Miyezi yonseyi uli duu ngati nangula?" Anaimirira, anandikumbatira, kenako anandimenya pamutu ndi kapepala komweko. "Ali bwanji iyeyo? Akugona? Miyendo yatupa? Mumakhalira limodzi eti? Unakasaina kuboma kuti mwanayo ngwako?"

"Tinapita limodzi mu Januwale."

"Chimodzi chokha ndiye wachita chanzeru."

A Boomsma anadikira kuti chombo china cha mafuta chidutse. Kenako analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo chilembedwereni ntchito.

"Mnyamata, tchuthi chimenechi n'chako. Lamulo likuti sindingakukanize, ndipo sindikanakukaniza ngakhale lamulolo kukanakhala kulibe. Koma pali lamulo linanso, lija unakhoza kusukulu. Chombo cha utali uwu chimayenda ndi anthu angati?"

"Atatu, bwana."

"Ukatsika iwe titsala angati?"

"Awiri."

"Ndiye chiyenda?"

"Ayi, bwana."

"Ukanandiuza pa Khirisimasi, bwenzi mwezi uno wonse ndikutenga katundu wa m'dziko mommuno, pafupi ndi kwanu, wogwirizira ali chire. Dzulo lomweli ndavomera katundu wa ku Neuss sabata yamawa. Marek, wosinthana nawe, ali kwawo ku Poland. Ukuganiza kuti anthu ogwirizira amamera m'mbali mwa mtsinje ngati bango?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Ndimaganiza kuti abadwa nthawi yanga yopuma."

"Amaganiza," anatero a Boomsma, akuuza mtsinje.

Mayi Roelien anali atawongola kapepala kaja patebulo. "Ndiye wangopempha sabata imodzi yokha?"

"Ndinaona kuti ikwanira. Sindimafuna kuvutitsa."

"Ikwanira ndani? Tamvera. Tsiku lobadwa mwana ndi lapadera, silowerengera. Kenako pali sabata yakoyi, malipiro onse, uitenge pasanathe masabata anayi mwana atabadwa. Ndipo timachotsa pa masiku ogwira ntchito, osati pa aja ukupuma kale. Ikatha imeneyo pali masabata ena mpaka asanu, uwatenge mwana asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Amenewo ndalama zake zimachokera kuboma, zocheperako, ndipo ndimakakupemphera ndine. Koma uyenera kutiuza polemba kutatsala masabata anayi. Ukuwafuna?"

Ndinayang'ana a Boomsma.

"Usayang'ane awa. Odzasintha thewera si awa. Funsa mayi a mwana."

Nditamufunsa pa foni, Imke anayankha ndi mawu amodzi: "Onse." Ndinalembanso kapepala ka mizere itatu, kupempha masabata asanu kuyambira pakati pa Epulo. A Boomsma anakawerenga, anati "Chabwino," n'kuloza ndi chibwano kumene kunali ndowa ndi burashi.

Masana onsewo mayi Roelien anali pa foni. Ndinkawamva ndikamadutsa pansi pa zenera, mawu awo akukwera, kutsika, kunyengerera. Madzulo anandiuza kuti apeza a Tamme, mkulu wina wopuma ntchito amene amagwirizira m'zombo. Koma a Tamme anali m'chombo china mpaka Lachisanu la sabata yamawa.

"Ndiye muuze mwana wakoyo," anatero a Boomsma, "kuti asapupulume ngati bambo ake."

Sabata imeneyo ndi yotsatira yake ndinakhala ngati munthu woyenda pa chingwe. Foni ndinkaisunga m'thumba la pachifuwa, ndipo ikangonjenjemera mtima unkadumpha. Nthawi zambiri anali Imke akundionetsa mapazi ake. Ine amene ndinkadandaula kuti miyezi ikuchedwa, tsopano ndinkanyengerera masiku kuti afulumire ndi mwana kuti achedwe, zonse pakamodzi. Ndikamapinda zingwe ndinkanong'ona, "Lachisanu, mwanawe. Gona pang'ono. Kunja kuno kukuzizira."

Sanandimvere. Lachitatu, nthawi ya chakudya chamasana itangopitirira, tili mu Germany kale, titadutsa Emmerich, tikukwera mtsinje ndi katundu wa ku Neuss. Ndinali kutsogolo ndikupala dzimbiri pamene foni inalira.

"Douwe." Mawu a Imke anali aang'ono. "Nsupa yasweka."

"Nsupa yanji?"

"Chitsiru iwe! Matenda ayamba. Mayi Veenstra akubwera. Uli pati?"

Ndinayang'ana mozungulira. Madzi abulauni, ng'ombe kutsidya, chombo cha malasha kutsogolo. Gombe linali pafupi moti ndinaganizadi zolumphira m'madzi. Ndinathamanga utali wonse wa chombo, jekete lopulumutsira likundimenya pachibwano, n'kukwera masitepe awiriawiri.

"Bwana, ayamba."

"Lero n'Lachitatu."

"Ndikudziwa, bwana."

A Boomsma anayang'ana wotchi. Injini inkangoguguda pansi pa mapazi athu. Ndinkadziwa zimene ankawerengera mumtima. Ku Neuss ankatidikira m'mawa mwake, ndipo ukaphonya nthawi yako yotsitsira katundu umakaima kumbuyo kwa mzere. Tikanapitirira, madzulo omwewo tikanafika, ine n'kukwera sitima yapamtunda usiku kapena m'mawa. Munthu akanatha kunena kuti mwana woyamba safulumira. Ndinatsala pang'ono kuzinena ndekha, kuti ndiwapeputsire.

"Arend," anatero mayi Roelien kwa amuna awo.

"Ndamva, mayi. Ndikuganiza poima, sikuti ndikuganiza ngati ndiime." Anatenga wailesi n'kuyamba kulankhula Chijeremani chawo chokhadzula. Atamaliza anati, "Pafupi ndi Wesel pali potsitsira galimoto. Konza zingwe. Laisensi uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Unayendetsapo galimoto yeniyeni, kapena za pa kompyuta?"

Galimoto ya a Boomsma imakhala padenga la nyumba yawo kumbuyo kwa chombo, yofundidwa lona, ndipo amaitsitsira kumtunda ndi kireni. Ndi yakale, yobiriwira, ndipo amaipukuta Lamlungu lililonse ndi nsalu yakeyake imene ine saloledwa kuigwira. Sindinaganizepo kuti ndingakhale pampando wake wakutsogolo.

Kuti tifike pamalopo panatenga pafupifupi ola, ndipo ola limenelo ndinakalamba nalo. Chombo chodzaza chikamakwera mtsinje chimayenda ngati munthu wopalasa njinga mwaulesi. Ndinakonza zingwe, ndinazikonzanso. Ndinaimbira Imke, anayankha mayi Veenstra kuti zonse zili bwino, ndisiye kusokoneza. Titayandikira ndinaponya chingwe, n'kuphonya chitsulo chomangirira.

"Modekha!" anakuwa a Boomsma pa sipika ya kutsogolo. "Ukagwera m'madzi ndidzakamuuza chiyani mtsikanayo?"

Kachiwiri chinakola. Tinamanga malamba ku mateyala, a Boomsma anagwira rimoti, galimoto n'kunyamuka. Inalendewera m'mwamba pakati pa chombo ndi gombe, ikutembenuka pang'onopang'ono, dzuwa likung'anima pagalasi. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero, kapena chochedwa chotero.

Mateyala atagunda pansi, mayi Roelien anandipanikiza kathumba ka masangweji m'manja. "Udye. Ukakomoka m'chipindamo palibe amene akakutole."

A Boomsma anandipatsa makiyi, koma sanawasiye msanga. "Giya yachiwiri imafuna ulemu."

"Bwana, nanga Neuss?"

"Neuss yakhala pomwepo zaka zambiri. Tigona pano mpaka a Tamme afike."

"Pepani kwambiri. Ndikanati ndinene kale..."

"Ukanati unene kale bwenzi tili ku Zwolle, pafupi ndi kwanu, iwe ukupita pa njinga. Zatha izo. Pita."

Za m'njira sindikumbukira zambiri. Ndikukumbukira kuti ndinalankhula ndekha kuyambira ku Wesel mpaka ku Arnhem, ndikukonza mawu oti ndikanene polowa. Ndinkadziona ndikutsegula chitseko, Imke akutambasula manja, mwana akulira nthawi yomweyo ngati ankangodikira kuti bambo afike. Ku Apeldoorn kunali mdipiti wa magalimoto, ndipo ndinatukwana lole ya mkaka mpaka mawu anasasa.

Ndinakwera masitepe a kwathu dzuwa lisanalowe, jekete lopulumutsira lidakali m'khosi. Ndinapeza Imke ataimirira m'khitchini, atatsamira tebulo, akudya tositi. Mayi Veenstra anali pampando akumwa tiyi.

"Wabadwa?"

Imke anayang'ana mimba yake, n'kuyang'ana ine. "Ukuona bwanji?"

"Tidakali kutali, bambo aang'ono," anatero mayi Veenstra. "Vulani chimenecho, kuno sitimira. Kasambeni m'manja. Mukununkha dizilo."

Kenako ululu unabwera. Imke anagwetsa tositi, nkhope inasintha, n'kundigwira dzanja. Mawu onse amene ndinakonza m'galimoto anathawa. Anafinya mpaka ndinamva mafupa akukhudzana, ndipo utadutsa anatsamiza chipumi paphewa langa.

"Wabweradi," anatero.

"A Boomsma aimika chombo."

"Usandiuze za chombo. Ndisisite pamsana. Pansi. Pansinso. Ee, pomwepo."

Mwana wathu anabadwa m'mawa mwake, pabedi lathu, nthawi imene a shopu ya njinga pansi ankatsegula chitseko chawo chachitsulo. Mtsikana. Sanali ngati mwana wa m'maloto anga. Anali wofiirira, wamakwinya, wolusa, mutu wosongoka pang'ono, ndipo mayi Veenstra atamuika pachifuwa cha Imke ndinalira mokweza kuposa iye. Maina anga onse aja Imke anawakana limodzilimodzi. Tinamutcha Fenna.

Ndinatumiza chithunzi kuchombo. Mayi Roelien anayankha ndi mitima yodzaza foni. A Boomsma anayankha patapita kanthawi: "Chabwino. Galimoto ili bwanji?"

Masiku otsatirawo kunkabwera namwino wa pakhomo, uja amathandiza sabata yoyamba, mayi wamtali dzina lake Jantine. Atamva kuti ndili pa tchuthi anasisita manja. "Ndiye ine ndizingoyang'ana. Bwerani kuno, bambo." Anandiphunzitsa kuyesa madzi osamba ndi chigongono, kugwira kakhosi, kupinda thewera, kuyala kabedi kuti mapazi a mwana afike kumunsi. Manja anga, amene amaponya chingwe cholemera ngati munthu, ankagwira kamkono ka Fenna ngati dzira. Ndinapita kuboma kukalembetsa dzina lake tsiku lachiwiri, ndipo mayi wa pa kauntala atandifunsa kuti "Ndinu bambo ake?" ndinacheuka kuona amene akumufunsa.

Loweruka masana kunagogoda mayi Roelien. Anabwera pa sitima yapamtunda kudzatenga galimoto. A Tamme anali atafika Lachisanu madzulo, chombo chinali ku Neuss, chikudikira mzere mpaka Lolemba.

"A Boomsma akwiya kwambiri?" ndinafunsa.

"Masiku awiri aja apenta chipinda chowongolera chonse, akung'ung'udza. Ndiye kuti ali bwino. Akuti ndikuuze kuti masiku otsala a sabata yako uwatenge ukamaliza kupuma, Marek ndi a Tamme agawana. Za Epulo zija ndatumiza kale. Tsopano choka apo, sindinabwerere iwe."

Anasamba m'manja, anakhala pamphepete pa bedi, Imke n'kuwapatsa mwana. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako Fenna anakwinya nkhope, anafiira, ndipo m'chipindamo munamveka kaphokoso kosabisika.

Mayi Roelien anamunyamula m'mwamba n'kuyang'ana uku ndi uku. "Za ndani izi?"

"Za awo," anatero Imke, akuloza ine ndi phazi, maso atatseka kale. "Ali pa tchuthi."

Ndinapinda malaya m'mikono, n'kumulandira.